Katoni yochokera ku Joni izibwera ndi kope lake

Mwini okala ku Chilobwe akamabwereketsa katundu salemba kuti "Amayi a Chisomo atenga zinthu." Amalemba tsiku, shuga paketi imodzi, sopo awiri, ndi mtengo wa chilichonse pambali pake. Mwezi ukatha palibe mkangano, kope limanena lokha. Mndandanda wa katundu amene m'bale akutumiza kumudzi uyenera kulembedwa chimodzimodzi, kungoti wouwerenga ndi wamsonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza, munthu wosakudziwani, amene angokhulupirira pepala ndi zimene maso ake aona akatsegula katoni.

Tiyerekeze kuti achimwene ali ku Johannesburg ndipo akupatsira katoni adalaivala a basi. Pamwamba pa pepala alembe dzina lawo, dzina ndi foni ya wolandira, komanso kuti katoni ndi imodzi. Kenako chinthu chilichonse chikhale ndi mzere wake. Mabulangete atsopano 2, lililonse R350, onse R700. Nsapato za ana zatsopano mapeya 3, peya R200, zonse R600. Foni imodzi yogwiritsidwapo kale ntchito, R900, ndipo atchule mtundu wake ndi nambala ya IMEI, imene imaoneka mukaimba *#06#. Zonse pamodzi ndi R2,200.

Apa m'pamene ambiri amadabwa. Msonkho suwerengeredwa pa R2,200 yokhayo ayi. Ndalama yonyamulira katundu imaphatikizidwa, choncho ngati adalaivala alandira R400, poyambira ndi R2,600, ndipo a MRA amaisintha kukhala makwacha pa mtengo umene iwo akugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Kulemba kuti "mphatso" sikufafaniza mtengo wa chinthu. Bulangete lopatsa agogo lidagulidwa ndithu, ndipo lisiti lake likhomeredwe kupepalalo.

Ine chimandipweteka n'chizolowezi chochepetsa mtengo dala. Munthu alemba foni ija R100 poganiza kuti wachenjera. Wamsonkho amaona mafoni tsiku ndi tsiku. Akakayikira amaika mtengo wakewake, akhoza kulipiritsa chindapusa, mwinanso kugwira katunduyo. Wovutika ndi mayi wa ku Chilobwe amene akudikira pa Wenela osadziwa kuti katoni yatsala kuchipata. Katoni ikasowanso panjira, adalaivala adzakuonetsani R100 imene mudalemba nokha.

Samalaninso kuchuluka kwa zinthu zofanana. Nsapato mapeya 3 a masaizi osiyana zimaoneka kuti n'za ana a pabanja, koma mapeya 20 a mtundu umodzi amaoneka ngati malonda, kaya mulumbire motani.

Mukatumiza pa positi, zomwezi mumazilemba pa fomu ya CN22 ngati phukusi ndi laling'ono, kapena CN23 ngati ndi lalikulu kapena lodula. Pa basi, lembani mapepala awiri ofanana, lina m'katoni, lina kwa adalaivala, ndipo chithunzi chake mutumizire wolandira pa WhatsApp. Iyeyo atsegule katoni adalaivala asanachoke, awerenge mzere ndi mzere.