Mtsikana ndi Chithunzi Chimene Sichimufanana

Nkhani yaifupi ya mtsikana amene wapatsidwa chithunzi chake, napeza kuti wojambula wamuwongola tsitsi pakompyuta, imaoneka yopepuka poyamba. Palibe amene wamwalira, palibe amene wamenyedwa, ndipo tsitsi lenilenilo likadali pamutu pake monga linalili m'mawa. Chimene chasintha ndi pepala chabe. Koma mphamvu ya nkhaniyi yagona pomwepo: mtsikanayo walandidwa kanthu kena kamene sangathe kukaloza ndi chala, ndipo onse omuzungulira akumuuza kuti wachitiridwa zabwino.

Mutu umenewu si wongopeka. Mu Novembala 2017, magazini ya Grazia ya ku Britain inaika pachikuto chithunzi cha Lupita Nyong'o, katswiri wa mafilimu wa ku Kenya amene anapambana mphoto ya Oscar mu 2014. Pojambulitsa, tsitsi lake lachilengedwe linali lomangidwa kumbuyo. Pachikutopo mbali yomangidwayo inali itachotsedwa, ndipo lotsalalo linasalazidwa. Lupita anadandaula poyera, wojambulayo, An Le, anapepesa, nayonso magaziniyo inapepesa. Mwezi umodzi izi zisanachitike, mu Okutobala, magazini ya Evening Standard ku London inali itafufuta malukidwe onga chisoti pamutu pa woimba Solange Knowles. Awa ndi anthu otchuka, okhala ndi pokanenera. Mlembi wa nkhani yaifupi amasankha mtsikana wopanda pokanenera, kuti woŵerenga aone zimene zimachitika pamene kudandaula kulibe koloŵera.

Tiyerekeze mmene nkhani yotere ingayendere. Mtsikana wazaka 17 wangolemba mayeso a Fomu 4. Zaka zonse za sukulu wakhala akumeta, monga zimakhalira m'sukulu zambiri za boma ku Malaŵi, ndipo aka n'koyamba kusunga tsitsi. Patatha miyezi ingapo, achemwali ake akuchita ukwati ndipo iye ndi mmodzi wa operekeza. Usiku wa Lachisanu azakhali ake amuluka ndi ulusi kuti tsitsi litambasuke. M'mawa amumasula, namupesa ndi chipeso cha mano otalikirana mpaka tsitsi laima mozungulira mutu. Mlembi waluso amachedwa pamenepa, chifukwa woŵerenga ayenera kudziŵa nthaŵi ndi ululu umene walowa m'tsitsi limeneli asanaone likufufutidwa.

Pakapita milungu iŵiri zithunzi zafika, chachikulu chili kale m'felemu. Mtsikana akufunafuna nkhope yake pamzere wa operekeza ndipo akuidumpha. Akaipeza, tsitsi lagwera m'mapewa, losalala, lonyezimira, litaphimba makutu. “Amayi, ameneyutu si ine,” akutero. Mayi ake, akuyang'ana msomali wopachikapo felemu, akuyankha kuti, “Iwe mwana iwe, munthu wakukongoletsa popanda kuonjezera ndalama, ndiye uzidandaula?” Zokambirana zokwanira ndi zimenezi. Ngati mtsikanayo atayamba kulongosola mbiri ya atsamunda pabalaza, nkhani yafa, yasanduka ulaliki.

Chimene chimapangitsa kuti asadzizindikire chili ndi tanthauzo lenileni. Munthu sazindikira nkhope poona maso ndi mphuno zokha. Maonekedwe a mutu wonse, pamene tsitsi limayambira pachipumi, ndi mbali ya masaya imene ikuoneka, zonse zimathandiza. Tsitsi loima limasiya makutu, khosi ndi nsagwada poyera, ndipo nkhope imaoneka yotambasuka. Tsitsi logwa limatchinga m'mbali, nkhope n'kuoneka yaitali ndi yopapatiza. Choncho ngakhale wojambula atalumbira kuti nkhope sanaikhudze, akunena zoona, ndipo mtsikanayo akunenanso zoona.

Mlembi wodziŵa ntchito ya mu situdiyo amapeza zida zina zabwino. Pa pulogalamu ya Photoshop pali chida chotchedwa Liquify, chimene chimakankhira mkati m'mphepete mwa chinthu, ndi china chotchedwa Clone Stamp, chokopera mbali ya khoma kapena nsalu n'kuiphimba pamene panali tsitsi. Ena amangodula tsitsi pachithunzi cha munthu wina n'kuliika pamutu. Ntchito yotere imasiya zizindikiro. Mizere ya njerwa kapena ya katani yoyandikana ndi mutu imapindika. Tsitsi limanyezimira kumanja pamene kuwala pankhope kukuchokera kumanzere. Pakhosi pamasoŵa mthunzi umene tsitsi lalitali likanaponya. M'nkhani, ndolo ikhoza kugwira ntchito yaikulu: mtsikana anabwereka ndolo za mayi ake patsikulo, koma pachithunzi palibe ndolo, palibe khutu. Ndi chinthu chokhacho chimene angathe kuloza, ndipo mwina mayi ake angayambe kumva pamenepo, osati chifukwa cha tsitsi, koma chifukwa cha ndolo zawo.

Cholakwa chofala ndi kusandutsa wojambula kukhala mdani. Nkhani imalemera wojambulayo akakhala munthu wamba wokonda ntchito yake. Tsitsi lopotana ndi lovuta kulidula pachithunzi pofuna kusintha zakumbuyo, chifukwa m'mphepete mwake muli titsitsi tambirimbiri timene kuwala kumadutsamo, pamene tsitsi losalala lili ndi malire ooneka bwino. Komanso makasitomala ake ambiri amapempha okha kuyeretsedwa khungu ndi kusalazidwa. Iye wangochita zimene anazoloŵera kuyamikiridwa nazo. Ndiye funso limachoka pa munthu mmodzi n'kupita pa chizoloŵezi chimene mudzi wonse wagwirizana nacho osakhalirana pansi. Ku Pretoria High School for Girls ku South Africa, mu Ogasiti 2016, atsikana anachita zionetsero ponena kuti aphunzitsi ankawauza kuti awongole tsitsi lawo chifukwa ndi losalongosoka. Ganizo lomwelo ndilo lili m'dzanja la wojambula uja.

N'kofunika kusiyanitsa nkhaniyi ndi ya mtsikana wowongola tsitsi ku saluni. M'buku la Americanah la Chimamanda Ngozi Adichie, lotuluka mu 2013, Ifemelu akuwongoletsa tsitsi pokonzekera kukafunsira ntchito ku America; mankhwala amuwotcha khungu la m'mutu, ndipo akumva kuti wataya kanthu. Mankhwala otereŵa, amene ambiri amakhala ndi soda woopsa wa mtundu umene amapangira sopo, amathyola zolumikiza za mkati mwa tsitsi, moti mbali yowongoledwayo sibwereranso mwakale kufikira tsitsi latsopano litamera. Komabe Ifemelu anapita yekha ndipo anakhala pampando akudziŵa. Mtsikana wa pachithunzi sanafunsidwe. Sizikutanthauza kuti tsitsi lowongoka ndi loipa: achemwali ake pa ukwatiwo angakhale atavala wigi imene anasankha okha, ndipo nkhani yabwino siwanyoza.

Pomaliza nkhani pamavuta kuposa pena paliponse. Alembi ambiri amathamangira kuti mtsikana ang'ambe chithunzi, kapena aime pagalasi n'kulengeza kuti wadzikonda. Mathero otere amafulumira kutseka bala, ndipo saganizira kuti chithunzicho ndi cha ukwati wa munthu wina, chinalipiridwa, ndipo chidzakhala pakhoma zaka zambiri alendo akuchiyamikira. Chimene mtsikana wazaka 17 angachite ndi chaching'ono: kupita ku situdiyo kukapempha chithunzi choyambirira chisanakonzedwe. Wojambula akhoza kukhala nacho, kapena akhoza kukhala atachifufuta kuti apeze malo osungira zithunzi za ukwati wotsatira. Mlembi ayenera kusankha pakati pa ziŵirizi, ndipo aliyense mwa mayankhoŵa amabala nkhani yosiyana ndi inzake.