Bajeti ya pa Tsamba Limodzi: Zimene a Bodi Afunika Kuona

A bodi ya kopaletivu ndi anthu otanganidwa. Ku Kanyama wapampando angakhale wogulitsa pa msika wa Soweto, wina mphunzitsi, wina woyendetsa basi. Amafika pa msonkhano madzulo atatopa, ndipo mwa mapepala onse amene msungichuma wakonza, amawerenga lapamwamba lokha. Chotero tsamba limenelo liyenera kukhala lokwanira kuti agamulepo nkhani. Tiyerekeze kuti kopaletivu ina ya ku Kanyama ifuna kuweta nkhuku zanyama 500. Mitengo imene tigwiritse ntchito ndi yachitsanzo chabe. Inu mulembe ya tsiku limene mwafunsa, ndipo tsikulo lionekere pa tsambalo.

Mzere woyamba ukhale pempho lenilenilo, osati mbiri ya gulu. Tingalembe motere: "Tikupempha a bodi kuti avomereze K45,000 yowetera nkhuku 500, ndi kutilola kukongola K15,000 kwa mamembala, yopanda chiwongoladzanja, yobweza nkhuku zikagulitsidwa." Amene wawerenga mzere wokhawu wadziwa kale chimene adzaimikire dzanja.

Pansi pake pabwere ndalama zotuluka, m'magulu osapitirira asanu. Anapiye 500 pa K20 ndi K10,000. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 m'masabata asanu ndi limodzi, choncho pafunika matumba 40 a makilogalamu 50, amene pa K650 akwana K26,000. Katemera ndi mankhwala K1,500; makala, utuchi ndi madzi K3,500; wantchito ndi mayendedwe K4,000. Zonse pamodzi K45,000. Mangwee asalembedwe, ndipo tinthu tating'ono tilowe m'magulu ameneŵa. Tsamba lotere limaonetsa msanga kuti chakudya chokha chatenga ndalama zoposa theka, ndiye kuti funso la a bodi liyenera kupita pamenepo.

Pa ndalama zolowa, tisawerengere nkhuku zonse 500, pakuti zina zimafa ngakhale m'khola losamalidwa bwino. Tikachotsa 25 zitsala 475, ndipo pa K120 imodzi zibweretsa K57,000. Phindu ndi K12,000. Pambali pake tilembe mtengo umene sitingatsike nawo: K45,000 kugawa kwa nkhuku 475 ndi pafupifupi K95. Nambala imeneyi imateteza wogulitsa pamene ogula ochuluka ayamba kunenerera.

Chimene ambiri amaiwala ndi nthawi imene thumba lidzauma. Bajeti ingaonetse phindu, koma nkhuku n'kugona ndi njala. M'chitsanzo chathu gulu lili ndi K30,000 m'manja, pamene palibe ngwee imene idzalowa nkhuku zisanakhwime. Popeza nkhuku zimadya kwambiri m'masabata awiri otsiriza, ndalamazo zidzatha chakumapeto kwa sabata yachinayi. Tsambalo linene zimenezi poyera, ndi tsiku limene K15,000 ija iyenera kukhala itafika. Ndalama zongolonjezedwa zisasakanizidwe ndi zimene zili m'manja. Ngati gulu linapempha thandizo ku thumba la chitukuko cha dera, limene boma linalikweza kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, thandizolo lilembedwe palokha kuti "likudikiridwa". Kalata ya pempho sigula chakudya cha nkhuku.

Gawo lotsiriza likhale la zoopsa ziwiri zokha, chilichonse ndi mtengo wake. Kulemba kuti "mvula ingatisokoneze" sikuthandiza munthu kugamula. Tonse tidziwa kuti mu Januwale ndi Febuluwale madzi amasefukira m'Kanyama, misewu imavuta ndipo utuchi umanyowa. Tsono tilembe kuti kugulitsa kukachedwa ndi sabata imodzi, nkhukuzo zidzadya matumba ena pafupifupi 12, ndiwo K7,800, ndipo phindu lidzatsika kufika pa K4,200. Tilembenso kuti matenda akapha 100 m'malo mwa 25, zolowa zidzakhala K48,000, phindu K3,000. Poona zimenezi a bodi angasankhe okha kuyamba mvula itatha, kapena kupeza ogula anapiye asanafike.

Tsamba lisanapite ku msonkhano liyesedwe kawiri. Choyamba, nambala iliyonse ifanane ndi ya m'bajeti yaikulu, pakuti wa bodi akapeza nambala imodzi yosiyana amakayikira zonse. Chachiwiri, lipatseni munthu amene sanakhalepo polikonza, aliwerenge kwa mphindi ziwiri, kenaka mulitenge ndi kumufunsa mafunso atatu: tikupempha chiyani, ndalama zidzatha liti, nanga chingadye phindu n'chiyani? Akalephera funso limodzi, cholakwa chili pa tsamba, ndipo gawo limenelo lilembedwenso. Bajeti yaikulu ndi malisiti a mitengo zikhale pa tebulo tsiku la msonkhano, kuti wofuna kufufuza apeze pofufuza.