Gemu ikamadodoma, wolakwa mumupeze bwanji?

Gemu ya mpira yayamba bwinobwino pa laputopu, osewera akuthamanga mosalala. Pakadutsa mphindi khumi chithunzi chikuuma kwa kanthawi, kenako osewera akudumphira patsogolo mpira utapita kale. Ambiri akaona izi amangoti makina ndi ofooka, n'kuyamba kufunsa mitengo ya laputopu ina. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri gemu imakhala ikulimbirana mphamvu ndi mapulogalamu ena amene akugwira ntchito mwakachetechete kumbuyo, ndipo Windows ili ndi chida chowaonera, chotchedwa Task Manager. Mukadina Ctrl+Shift+Esc chimatseguka pomwepo. Pa Windows 10 chikabwera ngati kabokosi kakang'ono, dinani More details pansi pake kuti muone zonse.

Vuto loyamba ndi nthawi yoyang'anira. Mukatuluka m'gemu ndi Alt+Tab kuti mukaone Task Manager, magemu ambiri amachepetsa ntchito kapena kuima kumene, ndiye manambala amene mukuona si a nthawi imene chithunzi chimadodoma. Njira yabwino n'kutsegula Task Manager musanayambe kusewera, n'kuisiya pa tsamba la Performance. Mizere ya patsambali imasunga mbiri ya masekondi 60 apitawa, choncho gemu ikangododoma mutha kutuluka msanga n'kuona kuti chinakwera n'chiyani. Mukasintha liwiro loŵerengera kukhala Low, mbiriyo imatalika kufika mphindi 4. Pa Windows 10 zimenezi zili pa View kenako Update speed, pomwe pa Windows 11 yatsopano zili mu Settings ya Task Manager yomweyo. Amene akufuna kuona zinthu zikuchitika aike gemu pa Windowed kapena Borderless, asankhe Always on top mu Task Manager, aichepetse n'kuikankhira pakona ya sikirini.

Tsamba la Processes ndi limene limatchula mayina. Lili ndi mndandanda wa chilichonse chimene chikuyenda, ndipo pamwamba pali mitu: CPU ya purosesa, Memory ya memori, Disk ya disiki, Network ya intaneti. Mukadina mutu umodzi, wodya kwambiri amakwera pamwamba. Mayina akamasinthana malo mofulumira musanaŵerenge, gwirani Ctrl osausiya, mndandanda uima mpaka mutachotsa chala.

Apa m'pamene anthu ambiri amasokera, chifukwa dzina limene lili pamwamba si nthawi zonse limakhala la woyambitsa vuto. Tiyerekeze laputopu yamtundu umene wafala kwathu kuno, yogulidwa yogwiritsidwapo kale ntchito, ya memori ya 8 GB ndi disiki yakale yozungulira, imene Task Manager imailemba kuti HDD. Gemu yadodoma, mwini wake watuluka, waona Disk ili pa 100%. Adina mutuwo, pamwamba apeza System ikusonyeza 4 MB/s chabe, ndipo palibe china chooneka chachikulu. Munthu amadabwa kuti 4 MB/s ingadzaze bwanji disiki imene pokopera filimu imatha kufika 100 MB/s.

Yankho lili pa tanthauzo la peresentiyo. 100% ya disiki sikunena kuti malo atha, ndiponso sikunena za kuchuluka kwa zimene zikuŵerengedwa. Ikunena kuti disikiyo sikupuma n'komwe, n'chifukwa chake pa tsamba la Performance imalembedwa kuti Active time. Disiki yozungulira ili ndi kamkono kamene kamayenda kukafuna chilichonse pamalo pake. Ikamaŵerenga fayilo imodzi yaikulu kamkonoko sikayendayenda, ndiye liwiro limakwera. Ikapatsidwa tizidutswa tambirimbiri tomwazika, nthawi yonse imathera pa ulendo wa kamkono. Patsamba lomwelo pali Average response time, nthawi imene disiki ikutenga kuti iyankhe. Disiki yozungulira yosapanikizika imayankha m'mamilisekondi 10 kapena 20. Mukaona mazanamazana, gemu ikamapempha chithunzi cha bwalo kapena mawu a ochemerera imakhala pamzere wautali, ndipo kudikirako ndi kumene mumakuona ngati kuuma kwa chithunzi.

Nanga tizidutswato akutumiza ndani? Mwini laputopu uja abwerere pa Memory. Tinene kuti Windows ndi tinthu take yatenga pafupifupi 3 GB, Google Chrome imene anaisiya ndi masamba khumi ndi awiri yatenga 1.8 GB, gemu ikufuna 3.5 GB. Pamodzi ndi 8.3 GB, pomwe makina ali ndi 8 GB, ndipo gawo lina la memoriyo latengedwa kale ndi chojambulira zithunzi chimene pa malaputopu ambiri chilibe memori yakeyake. Zikatere Windows siitseka pulogalamu iliyonse. Imasamutsira zina za mu memori ku disiki, m'fayilo yotchedwa pagefile.sys, n'kumakazitenganso zikafunika. Zili ngati wogulitsa m'golosale amene mashelefu ake adzaza: katundu wina wamuika kuchipinda chakuseri, ndiye kasitomala aliyense akafunsa kanthu iye athamangire kuseri, mzere n'kumakula. Disiki ndi imene ikuoneka kuti yatopa, koma choyambitsa ndi memori yodzaza, ndipo woidzazayo ndi Chrome imene pa mutu wa Disk simaioneka n'komwe.

Umboni wake ulipo. Pa Performance, dinani Memory, muyang'ane Available. Ikatsala mazana ochepa a MB nthawi ya gemu, memori yatha. Yang'ananinso nambala yoyamba ya Committed: ikapitirira kwambiri memori imene makina ali nayo, ndiye kuti mapulogalamu alonjezedwa zoposa zimene zilipo. Cached isakuopseni ngakhale ikhale yaikulu, chifukwa zimenezo Windows imazisiya yokha malo akafunika. Kuti mutsimikize, tsegulani Resource Monitor, mwina podina Win+R n'kulemba `resmon`. Pa tsamba lake la Disk, chigawo cha Disk Activity chimasonyeza fayilo yeniyeni imene ikuŵerengedwa kapena kulembedwa. Mukapeza pagefile.sys ili pamwamba, mlandu watha: tsekani Chrome yonse musanayambe gemu, osangoibisa pansi.

Pamndandanda womwewo mungapeze zina. Mafayilo a mu foda ya SoftwareDistribution akusonyeza kuti Windows ikudzikonza, ndipo mu Task Manager mudzaona Windows Modules Installer Worker ikudya purosesa ndi disiki pamodzi. Imeneyi ndi bwino kuilola imalize, kapena kudina Pause updates mu Settings ya Windows musanasewere, n'kudzaibwezera pambuyo. Amene amalumikiza laputopu ku foni ali ndi chifukwa china choonera mutu wa Network, popeza zokonzazi zimadyanso bandulo. Kusankha Metered connection pa netiweki ya foniyo kumachepetsa zimene Windows imakoka yokha. Antimalware Service Executable ndi mlonda wa Windows wotchedwa Microsoft Defender, ndipo akamafufuza mafayilo amalemetsa disiki yozungulira. Windows siilola kuti mumutseke ndi End task, ndipo ine sindingalangize munthu kumuzimitsa chifukwa cha gemu. Muloleni amalize kufufuza musanayambe. OneDrive, Steam ikamakoka gemu ina, ndi mapulogalamu okokera mafilimu pa intaneti, amenewo mutha kuwaimitsa popanda choopsa.

Purosesa nayo ili ndi msampha wake. Peresenti ya CPU ndi ya purosesa yonse, koma m'kati mwake muli zigawo zingapo zogwira ntchito payokhapayokha. Pa purosesa ya zigawo 8, pulogalamu imene yadzaza chigawo chimodzi imaoneka ngati ikudya 12% kapena 13% basi, ndipo pa ya zigawo 4 imaoneka 25%. Choncho pulogalamu yakumbuyo imene yakhazikika pa 12% osatsika si yaing'ono ayi, yalanda chigawo chathunthu. Gemu nayo ingathe kudodoma CPU ili pa 40%, chifukwa magemu ambiri amaunjika ntchito yolemera pa chigawo chimodzi kapena ziwiri. Kuti muone zimenezi, pa Performance dinani mzere wa CPU ndi batani lakumanja la mawusi, musankhe Change graph to kenako Logical processors. Kabokosi kamodzi kakakhala kodzaza enawo ali phee, ndipo pamndandanda palibe wina wodya kupatula gemu, ndiye kuti yafika pamalire a purosesa. Kutseka mapulogalamu sikungathandize pamenepo.

Pali nambala ina patsamba la CPU imene ambiri saiyang'ana, ya Speed. Iyerekezeni ndi Base speed imene ili pambali pake. Purosesa ikamagwira ntchito yolemera, Speed imayenera kufanana ndi Base speed kapena kuiposa. Ikatsikira pansi kwambiri gemu ili m'kati, mwachitsanzo 0.8 GHz pa purosesa ya 2.4 GHz, wakuba si pulogalamu. Mwina magetsi athima ndipo laputopu ikudzichepetsera mphamvu pofuna kusunga batire, kapena yatentha n'kudzichedwetsa kuti isapse. Masana a mwezi wa Okutobala, laputopu ili pabedi, fumbi litatseka timabowo totulukira mpweya, zimenezi sizichedwa kuchitika. Task Manager siisonyeza kutentha kwa purosesa, ndiye kutsika kwa Speed ndi chizindikiro chimene muli nacho.

Dzina losalidziŵa musalitseke mwaphuma. Lidineni ndi batani lakumanja musankhe Open file location kuti muone kumene likukhala, kapena Search online. Zimene zili pansi pa mutu wa Windows processes zisiyeni, chifukwa zina mukazitseka makina amazima ndi ntchito yanu yosasunga. Koma dzina lachilendo limene likukhala mu foda ya AppData kapena Temp n'kumadya purosesa mosalekeza n'lokayikitsa, makamaka pa makina amene anaikidwa magemu opatsana pa fulashi. Magemu ophwanyidwa chitetezo nthawi zina amabwera ndi pulogalamu yokumba ndalama za pa intaneti mobisa, ndipo ina mwa iyo imaima Task Manager ikangotseguka. Fani ikamalira makina asakuchita kanthu, n'kukhala chete mukatsegula Task Manager, n'kuyambanso mukaitseka, yendetsani Microsoft Defender Offline scan, imene imafufuza Windows isanadzuke.

Mukamupeza wolakwa, End task imangomuchotsa lero lokha. Mawa makina akayaka abweranso ngati ali pa tsamba la Startup, limene pa Windows 11 yatsopano limalembedwa Startup apps. Pamenepo sankhani dzinalo mudine Disable. Pulogalamuyo siichoka m'makina, imangosiya kudziyatsa yokha. Muzitseka imodzi, n'kusewera, n'kuona ngati zasintha, chifukwa mukatseka zisanu nthawi imodzi simudziŵa imene imavutitsa. Pa laputopu yathu ija, Chrome ikatsekedwa Available imakwera, pagefile.sys imatsika pamndandanda, disiki n'kupuma. Ikakhala kuti zonse zatsekedwa koma Available ikadali pansi ndipo disiki ikadali pa 100%, ndiye kuti gemuyo yakulira makinawo, ndipo ndalama ipite pa memori yoonjezera kapena pa disiki ya SSD, imene ilibe kamkono koyendayenda. Zonse ziwirizi n'zotsika mtengo kuposa laputopu ina, bola mutafunsa kaye ngati memori ya makina anu ndi yochotseka, popeza pa malaputopu ena opyapyala inawotchereredwa m'kati.