Nthambi za mtengo si thirayango

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, msewu wa M1 kudera la Njombwa ku Kasungu umadzadza malole a mabelo opita kumsika wa Chinkhoma. Ndaona kambiri lole itafera pamsewu, kumbuyo kwake atangoyala nthambi. Masana zimaoneka ndithu, koma usiku nthambi sizinyezimira.

Tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Mukaika thirayango pa mamita 45, dalaivala wobwera kumbuyoyo mwamupatsa masekondi awiri owonjezera. Mukaiika pafupi ndi bampala, simunamuchenjeze kanthu.

Ndiye injini ikangoyamba kutsamwa, yatsani mahazadi, khotererani kumanzere isanazime, matayala onse achoke paphula. Kokani handibuleki. Yendani mapazi pafupifupi 60 m'mbali mwa msewu mutanyamula thirayango moyang'anitsa kumagalimoto obwera, muiike kumbuyo, ina kutsogolo. Ngati mwafera pakona kapena kuseri kwa chitunda, kaiikeni konako kusanayambe.

Okwera onse atsikire kumanzere, akaime kutali ndi msewu. Kukhala m'kati poti kunja kukuzizira, kapena kugona pansi pa lole, n'kudikira ngozi yachiwiri.