Ukwati Ukatha, Mwana Akhale ndi Ndani?

Ophunzira a Fomu 4, funso lokhudza kulera ana ukwati ukatha limagwetsa ambiri chifukwa amayankha potengera mwambo wa kwawo. Wa kuchikamwini amalemba kuti ana ndi a kuchikazi ndipo mwinimbumba ndi malume. Wochokera kumene amapereka malowolo amalemba kuti ana ndi a bambo. Khothi silifunsa kuti mwana ndi wa ndani. Limafunsa kuti mwanayo zimuyendera bwino akakhala ndi ndani.

Mfundo imeneyi ili mu Gawo 23 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi, lomwe limati pa chigamulo chilichonse chokhudza ana, choyamba kuganizira chikhale ubwino wawo. Kuchokera mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limatchula zoti khothi la ana liunike. Liganizire kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, limve maganizo a mwanayo, komanso liyesetse kuti ana a bere limodzi asalekanitsidwe.

Tiyerekeze kuti banja lina latha ku Mangochi. Pali Amina wa zaka 3 ndi Yusufu wa zaka 13. Bambo ali ndi golosale ndi nyumba yamalata, koma amakhalitsa ku Joni. Mayi amagulitsa usipa ndipo ndi amene akhala akulera anawo.

Amina akadali wamng'ono, choncho msinkhu wake ukukomera mayi. Yusufu ndi wamkulu mokwanira kunena zakukhosi, ndipo khothi limumva, ngakhale mawu ake sakhala chigamulo, chifukwa mwana amatha kunyengereredwa ndi mphatso. Tinene kuti wasankha kutsala ndi mayi kuti asasinthe sukulu. Ndiye kuti msinkhu, maganizo a mwana ndi kusalekanitsa abale zonse zaloza kumodzi. Chuma cha bambo sichiwapatsa ana. Khothi likhoza kuwalamula kuti azipereka ndalama za chisamaliro ndi kuwapatsa masiku oonana ndi anawo.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Pakhale umboni woti mayi amamenya anawo kapena amawasiya okha usiku. Apa chigamulo chikhoza kutembenuka, anawo n'kupita kwa bambo, ngakhale kwa agogo, pakuti wachibale nayenso amaloledwa kupempha khothi. Mayi sapatsidwa mwana chifukwa chakuti ndi mayi basi.

Mu fikihi munaphunzira za hadhana, pomwe mayi ndiye woyamba pa kulera mwana wamng'ono. Zikufananako, koma funso likakhala la khothi, tchulani lamulo la dziko.

Pamayeso yambani ndi mfundo ya ubwino wa mwana ndi Gawo 23. Kenako tengani zomwe zili m'nkhani mwapatsidwayo, chimodzichimodzi, n'kuonetsa kumene chikukomera. Malizani ndi chigamulo chanu ndi chifukwa chake.