Kufufuza gulu limodzi lokha: kodi zotsatira zake n'zodalirika?

Wophunzira wa ku yunivesite akamaliza kufotokoza kafukufuku amene wachita m'mudzi umodzi kapena pa sukulu imodzi, funso limene amakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti, “Nanga malo amodziwa angaimire bwanji dziko lonse?” Ambiri amayamba kupepesa. Ine ndimaona kuti kupepesako n'kosafunika ngati malowo anasankhidwa ndi chifukwa chomveka. Kafukufuku wozama pa chinthu chimodzi cholinga chake si kuwerenga kuti ndi angati amachita zakutizakuti. Amafuna kuonetsa mmene chinthu chimachitikira, ndi chimene chimachiyambitsa.

Nkhani yonse yagona pa kasankhidwe. M'zaka za m'ma 1960, ku Britain kunali maganizo akuti anthu ogwira ntchito m'mafakitale akayamba kulandira ndalama zambiri amasiya makhalidwe a anzawo n'kutengera a anthu a m'maofesi, ngakhale pa mavoti. John Goldthorpe ndi anzake sanayendayende dziko lonse kuti aone ngati zili zoona. Anapita m'tauni ya Luton, kumene makampani monga Vauxhall ankalipira bwino, nacheza ndi antchito 229. Anasankha dala malo amene maganizowo akanayenera kuoneka mosavuta kuposa kwina kulikonse. Anapeza kuti antchitowo, ngakhale anali ndi ndalama, ambiri ankavoterabe chipani cha Labour ndipo sankacheza kwenikweni ndi a m'maofesi. Ndiye ngati maganizowo analephera pamene zonse zinkawakomera, kuli bwanji m'matauni a malipiro ochepa? Tauni imodzi inakwanira chifukwa cha mmene inasankhidwira.

Wina angasankhe malo odabwitsa, monga sukulu ya kumudzi imene ana amakhoza bwino chaka ndi chaka pamene zoyandikana nazo zikulephera. Chimene sichithandiza ndi kusankha malo chifukwa choti ndi kwanu kapena minibasi imafikako. Ngati chifukwa chenicheni n'chimenecho, lembani poyera, owerenga adziwe poyambira kukayika.

Mukasankha, pamafunika malire: ndani ali mkati, pamalo pati, kuyambira liti mpaka liti. Chitsanzo chimene ndimachikonda chili pafupi ndi kwathu. Clyde Mitchell, yemwe anayamba wafufuza za midzi ya Ayao kummwera kwa dziko lino, anatulutsa mu 1956 kabuku konena za gule wa kalela ku Luanshya, m'dera la migodi ku Zambia. Anaika maso pa gulu limodzi la anyamata a Chibisa amene ankavina Lamlungu masana. Anali anthu a ntchito wamba, koma pabwalo ankatchena mathalauzi osita bwino ndi nsapato zopolisha, wina atavala ngati dokotala, kwinaku nyimbo zawo zikutamanda kwawo ndi kunyogodola mitundu ina. Gulelo ndilo linali mkati mwa malire. Migodi, malipiro ndi ulamuliro wa atsamunda zinali kunja, ndipo zinkalowa pokhapokha zikathandiza kumvetsa zochitika pabwalopo.

Malire akasokonekera zimadziwika msanga. Munthu amene anayamba ndi funso loti banki mkhonde ina inagweranji amapezeka akufunsa za mitengo ya feteleza, mawa za ukwati, kope ladzaza koma funso loyamba lija silinayankhidwe. Mankhwala ake ndi kulemba chiganizo chimodzi musanapite kumudziko: gulu ili, mamembala ake, kuyambira tsiku loyamba kuponya masheya kufikira tsiku logawana. Amuna a mamembalawo ali kunja, koma ngati buku la ngongole likuonetsa kuti ndalama zinkathera m'manja mwawo, sunthani malirewo ndipo fotokozani chifukwa chake.

Tsono zotsatira zotere zimafika bwanji kwina? Mitchell sananene kuti magule onse a m'migodi ali ngati kalela. Anaonetsa kuti m'tauni, pakati pa alendo ochuluka, dzina la mtundu limasanduka njira yodziwira amene ungamukhulupirire, amene ungaseleulane naye ndi amene ungamutalikire, zosiyana ndi kumudzi kumene mtundu umayenda ndi ufumu ndi chibale. Mu 1983 analemba momveka kuti chimene chimachoka pa malo amodzi kupita kwina ndi kulumikizana kwa zifukwa, osati chiwerengero.

Choncho wolemba ayenera kuchita ziwiri zimene ambiri amazithawa. Atchule zifukwa zina zimene zikanafotokoza zomwe waonazo, ndi umboni umene wazikanira: ngati akuti banki mkhonde inagwa chifukwa chokongoza anthu akunja, aonetse kuti si chilala, mwina poti magulu oyandikana nawo anagawana bwinobwino chaka chomwecho. Kenako anene mikhalidwe imene zotsatirazo zadalira, monga kukula kwa gulu, chibale cha mamembala ndi mtunda wokafika kumsika, kuti wa ku Mzimba kapena ku Nsanje aone yekha ngati kwawoko zinthu zikufanana. Asayerekeze kulemba maperesenti kuchokera pa anthu khumi ndi awiri amene anacheza nawo.