Nyumba ya Mwana Wolumala Makolo Akatsamira Mkono

Tiyerekeze mayi wina wa ku Zomba ali ndi nyumba ya lendi yobweretsa K300,000 pamwezi, komanso mwana wa zaka 19 wolumala ubongo. Akangolemba mu wilo kuti nyumbayo ndi ya mwanayo, adzatolera lendi ndani, poti mwini wake satha kusaina ngakhale kuwerenga ndalama? Apa ndi pamene achibale adyera amalowerera.

Njira yotetezeka ndi thrasti. Loya amalemba chikalata chopereka nyumbayo m'manja mwa matrasti, anthu osunga chuma chomwe phindu lake ndi la mwanayo yekha. Chikalatacho chinene mosabisa kuti K180,000 ipite ku chakudya, mankhwala ndi malipiro a womusamalira, K60,000 yokonzera nyumba, yotsalayo isungidwe kubanki. Chinenenso kolowera nyumbayo mwanayo akadzamwalira.

Povuta ndi posankha anthu. Malume wamkulu amalemekezeka, koma ngati ali ndi zaka 70, mwanayo angakhale zaka zina 40 iye atapita. Ndi bwino kusankha awiri osainira limodzi kubanki, wina wachinyamata, n'kutchuliratu wodzalowa m'malo. Amene amakhala ndi mwanayo asasungenso ndalama yekha, chifukwa palibe angamufunse. Trasti akayamba kuzemba kuonetsa malisiti, kapena lendi ikamalowa mu akaunti yake, achibale angapemphe Khothi Lalikulu kuti limuchotse.